Botolo lalikulu linandipusitsa ine

"Anzanga ndithandizeni. Mafuta ophikira botolo la mamililita 750 akuti 3,600, la malita 2 akuti 10,400. Lotchipa kwenikweni ndi liti?"

Laling'onolo amayi, tengani laling'onolo! Mtengo mugawe ndi malita basi. 10,400 kugawa pawiri ndi 5,200 lita imodzi. Mamililita 750 ndi makota atatu a lita, ndiye 3,600 kugawa patatu ndi 1,200 kota imodzi, makota anayi akwana 4,800. Pa lita iliyonse mukupulumutsa 400.

Ine ndikulemba mtima ukuwawabe chifukwa zinandionekera. Ndinapeza la lita imodzi pa 5,200, pambali pake chibotolo chachitali chokhala ndi chogwirira pa 9,900. Wogulitsa uja, akumwetulira ngati m'bale wanga, akuti "tengani la malita awirili, lalikulu silidula." Ndinawerengera m'mutu, 4,950 lita imodzi, ndinati ndatola. Ndinanyamula asanu ndi limodzi!

Kufika kunyumba, thukuta kamukamu, zala zitachita dzanzi ndi zogwirira zija, mwana wanga wamkazi anatenga limodzi n'kumalitembenuza. Kenako akuti, "Amayi, apatu alemba 1.8L." Timalemba take tating'ono ngati nyerere, pansi penipeni pa pepala. Ndinalanda botolo, ndinapukuta pepalalo ndi chala ngati kadontho kapakati kaja kachoka. Ndinayang'ana lachiwiri, lachitatu, onse chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pomwepo ndi foni: 9,900 kugawa ndi 1.8, yankho 5,500. Ndiye kuti ndinagula lodula ndi 300 pa lita, komanso m'malo mwa malita 12 ndinali ndi 10.8. Lita yathunthu ndi kanyenyeswa, zapita.

Nditabwerera, munthu yemwe uja maso gwa, akuti "ife timangolitchula choncho, inu simunawerenge bwanji?" Mwano wake! Timangolitchula choncho? Kunsi kwa botololo n'kolowa m'kati ngati mbale yovundikira, khosi lalitali, kuti ukaliona pa shelefu uziti ndi lodzaza malita awiri. Sanandibwezere olo kakobiri.

Ndiye musakhulupirire maso kapena pakamwa pa wogulitsa, werengani nambala ili papepala. Akalemba mamililita, gawani mtengo ndi nambalayo kenako chulukitsani ndi 1,000. Chenjeraninso ndi olembedwa makilogalamu, mafuta ndi opepuka kuposa madzi, lita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 920, ndiye kilo imodzi ndi yoposa lita pang'ono. Ndipo muyerekeze mafuta amtundu umodzi, osati a mpendadzuwa ndi a soya.

Komatu ine mpaka pano ndimagulabe lalikulu kusiyana kukakhala kochepa, chifukwa ting'onoting'ono timatha uli pamoto, ndipo ulendo wobwerera kukagula nawonso umadya ndalama. Koma 400 pa lita ayi, imeneyo musawasiyire.