Valavu ikutsekeka yokha, FIC ikufuna 70 koma ikupita 45

Funso: "Akuluakulu, ndili pa atachimenti kuno ku Chikwawa. Pa sikirini FIC, kontirola ya kayendedwe ka madzi, ikulamula 70% koma valavu ya pampu ili pa 45%, ndiye sipiliti renji imeneyi kapena chafa china?"

Achimwene, palibe chafa apa, imeneyo ndi ovaraidi. Sipiliti renji ndi kontirola imodzi kuyendetsa mavalavu awiri, wina pa 4 mpaka 12 mA wina pa 12 mpaka 20 mA, monga pa tanki ya ethano pomwe wina amalowetsa naitrojeni wina kutulutsa presha ikachuluka, ndipo pakati amasiya kampata kuti onse asatseguke limodzi. Zanuzo ndi zosiyana, makontirola awiri akulimbirana valavu imodzi.

Tayang'anani pa drowing'i, mupeza PIC yoyeza presha kolowera pampu, ndi kabokosi ka chizindikiro cha < pakati. Kameneko ndi selekita, kamatenga siginolo yaing'ono mwa ziwirizo basi. Tinene PIC anaiika pa 0.5 bar. Presha ikakhala bwino PIC imakhala m'mwamba, selekita imatenga 70 ya FIC. Koma sefa ikatsekeka ndi matope, mukudziwa mmene madzi a Shire amakhalira nthawi ya dzinja, presha kolowera imagwa, PIC imatsika mpaka 45 ndiye selekita imatenga 45yo, valavu yapotulukira kupanika, madzi kuchepa, presha kolowera kubwerera. Kupanda apo madzi amawira mkati mwa pampu, imayamba kulira ngati ikugaya miyala ndipo impela imadyeka. Akakhala madzi otentha ochokera ku sitimu ndiye zimachitika msangamsanga.

Pomwe anthu amapwetekera ndi apa. Kontirola yomwe sinasankhidwe imangowunjika integiro, mbali yomwe imaphatikiza kusiyana kwa zomwe ikufuna ndi zomwe ikuyeza, mpaka 100%. Ndiye presha ikagwa PIC iyenera kutsika kaye kuchoka 100 kufika 70 isanagwire valavu, nthawi yonseyo pampu ikuvutika. Nayo FIC pomwe yalandidwa valavu imakwera mpaka 100, presha ikangobwerera valavu imatseguka mopyola, madzi phwii, presha kugwanso, kumangosinthana choncho. Mankhwala ake ndi kubweza siginolo yotuluka mu selekita kwa makontirola onse awiri, pa makina ambiri mupeza palembedwa external reset kapena anti-windup. Tsegulani tirendi, girafu yoonetsa mmene masiginolo akuyendera: yosasankhidwayo iziyenda chapafupi ndi yosankhidwa. Ikakakamira pa 100 nthawi zonse, dziwani sanalumikize.

Komanso funsani ngati valavuyo imatseka kapena kutseguka mpweya woiyendetsa ukatha, chifukwa ikakhala yotseguka pa 4 mA nthawi zina pamafunika selekita yotenga yaikulu, ndimaona ambiri amangokopera osaganiza.

Chonde musaiike pa manyuwo kuti ifike 70, mukhala mwachotsa chitetezo. Uzani a shifiti atsuke sefa ndi kuona levulo ya tanki. Ndipo ovaraidi siilowa m'malo mwa tiripi yozimitsa pampu zikavuta, imeneyo ikhalepo payokha.