Tiziphuphu pakhosi ndikameta ndevu

"Ndikameta ndevu ndi lezala, pakhosi pamatuluka tiziphuphu toyabwa. Nditani?"

Achimwene, tsitsi lathu lopotanali mukalimeta mpaka kulowa mkati, pomera limapindika n'kubaya khungu. Tiziphuphuto ndi timeneto. Musanayambe, ikani kansalu ka madzi ofunda kwa mphindi zitatu, makamaka m'mawa wozizira wa chiperoni kuno ku Mulanje. Pakani thovu lambiri, ndipo lezala izitsata komwe ndevu zagonera. Pakhosi sisitani kaye ndi chala, poti kumunsi zambiri zimaloza m'mwamba. Osakoka khungu, osabwerezabwereza malo amodzi. Lezala ikayamba kuzula m'malo modula, yatha imeneyo. Mukamaliza, sambani madzi ozizira n'kudzola mafuta opepuka; sipiriti amangowotcha. Pamene patupa kale, palekeni milungu itatu kapena inayi, muzingochepetsa ndi mashini.