Kusunga mawu a agogo kuti asawonongeke: mayina, mafoda ndi chekisamu

"Ndili ndi mawu a malemu agogo ndi a makolo anga, ena pa foni, ena ndinawachotsa pa makaseti. Mayina ake ndi osokonekera, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina adzatayika. Ndiwasunge bwanji? Nanga chekisamu imene anthu amatchula ndi chiyani?"

Achemwali, yambani ndi mayina musanakopere chilichonse, chifukwa mukadzawasintha pambuyo pake mudzabwereza ntchito yonse. Dzina liyambe ndi tsiku limene mawuwo anajambulidwa, chaka patsogolo, kenako mwezi ndi tsiku, kenako wolankhula ndi nkhani yake:

```
1998-12-26_agogo-aakazi_mbiri-ya-banja_01.wav
```

Chaka chikakhala patsogolo, kompyuta imandandalika yokha mafayilo kuyambira akale. Ngati mukudziwa chaka chokha, lembani 1998-00-00, musalote tsiku. Musadalirenso tsiku limene kompyuta imaonetsa pambali pa fayilo, limatha kusintha pokopera. M'dzinamo pewani mipata, chilembo cha ŵ ndi zizindikiro monga ? * : /, poti makina ena amazikana.

Mafoda awiri akukwanira. Yoyamba ikhale ya mawu oyambirira, amene simudzawakhudzanso, kaya ndi WAV ya pa kaseti kapena .opus ya pa WhatsApp. Yachiwiri ikhale ya ma MP3 otumizira abale. Kuchotsa phokoso kapena kudula mawu muzichitira pa kope, osati pa choyambirira. Ndikupemphaninso kafayilo ka .txt kofotokoza amene akulankhula, amene anajambula ndi amene akutchulidwa. Adzukulu sadzawazindikira mawu a agogo monga mukuwazindikirira inu.

Tsopano chekisamu. Fayilo imatha kuwonongeka ngakhale dzina lake ndi kukula kwake zili chimodzimodzi, mwina diski yakalamba kapena fulashi inazulidwa ikukopera. Palibe amene angamvetsere maola makumi atatu chaka chilichonse kuti apeze sekondi imene yawonongeka. Njira ya SHA-256 imawerenga fayilo yonse n'kutulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64, umene ndiwo chekisamu, ndipo kachidutswa kamodzi kakasintha mkatimo, mzerewo umasinthiratu. Pa Linux, tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, lowani mu foda ya zoyambirira mulembe kamodzi lamulo loyambali lopanga mndandanda wa machekisamu, lachiwiri ndi loyesera:

```
find . -type f ! -name SHA256SUMS.txt -exec sha256sum {} + > SHA256SUMS.txt
sha256sum -c SHA256SUMS.txt
```

Pa Mac gwiritsani ntchito `shasum -a 256` m'malo mwa `sha256sum`. Pa Windows, `Get-FileHash` ya mu PowerShell imapereka mzere womwewo. Musanapange mndandandawu, mvetserani fayilo iliyonse kamodzi, chifukwa chekisamu imangotsimikiza kuti fayilo sinasinthe, ndipo yowonongeka kale idzaitchula yabwino.

Makope akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumba yanu: mwachitsanzo pa kompyuta, pa hadi diski yakunja, ndi pa intaneti kapena kwa m'bale. Fayilo ya SHA256SUMS.txt ipite nawo limodzi, ndipo muyese kope lililonse mukangomaliza kukopera. Malo si vuto kwenikweni: ola limodzi la WAV yofanana ndi ya pa CD limadya pafupifupi 635 MB. Fulashi ndi memore khadi musazidalire, zikakhala zaka osalumikizidwa zimatha kutaya zimene zasunga.

Tinene kuti patha chaka, mwayesa hadi diski, mafayilo 39 aonetsa `OK` koma ya agogo ija yaonetsa `FAILED`. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, pothamangira kukoperanso foda yonse osadziwa kuti kope labwino ndi liti. Musafufute kanthu. Yesani kaye kope la pa kompyuta ndi lachitatu lija. Limene laonetsa `OK` ndilo labwino, ndiye tengani fayilo imodzi yokhayo muike m'malo mwa yowonongeka, muyesenso. Chachikulu, musapangenso mndandanda watsopano pa diski imene yalephera, chifukwa potero mwavomereza zowonongekazo ndipo umboni wa fayilo yabwino watha. Mafayilo angapo akalephera pa diski imodzi, diskiyo ikutha, pezani ina msanga.

Sikuti `FAILED` aliyense ndi tsoka. Mukaona `FAILED open or read`, kawirikawiri fayilo yasinthidwa dzina kapena yasamutsidwa, mawu ali bwinobwino. Komanso kulemba mutu kapena dzina la wolankhula mkati mwa MP3 kumasintha chekisamu ngakhale mawu sanasinthe, n'chifukwa chake ndikuumirira kuti zoyambirira zisakhudzidwe.

Chenjezo lina ndi la foda imene imadzifananiza yokha ndi ya pa intaneti. Imeneyo musaiwerenge ngati kope lapadera, poti fayilo ikafufutika kapena kuwonongeka pa kompyuta, vutolo limafikanso kumeneko. Sankhani mwezi umodzi pa chaka woyesera makope onse atatu, ndipo m'bale mmodzi adziwe pamene makopewo ali komanso mawu achinsinsi otsegulira.