Kodi madola 850 a mu 1980 ndiwo mtengo weniweni wa golide?

"Ndawerenga kangapo kuti mtengo umene golide anafika mu 1980, tikauwerengera pa ndalama za masiku ano, unali woposa madola 3,000, ndipo ena akuti umenewo ndiye mtengo wake weniweni umene amayenera kubwererapo nthawi zonse. Kodi nambala imeneyi amaipeza bwanji, nanga ndi yodalirika?"

Nambalayo ndi yoona ndithu, ndipo mukhoza kuipeza nokha ndi kakyuleta ya pa foni, koma zimene anthu amamangapo ndi zimene ndikukana. Pa 21 Januwale 1980, pa msika wa ku London, golide wolemera aunsi imodzi, amene ndi magalamu 31.1, anagulitsidwa madola 850. Kuti tidziwe mphamvu ya madola amenewo lero, timagwiritsa ntchito muyeso wa mitengo ya zinthu umene boma la America limatulutsa mwezi ndi mwezi, wotchedwa CPI. M'mwezi umenewo muyesowu unali pa 77.8, ndipo pofika Disembala 2024 unali pa 315.6, kutanthauza kuti katundu amene munthu ankagula ndi dola imodzi anali atafika pofuna madola anayi ndi kachenje pamwamba. Masamu ake ndi awa:

```
850 × 315.6 ÷ 77.8 = 3,448
```

Njira yomweyi ikutionetsa chifukwa chake mitengo ina imene manyuzipepala anaitchula kuti ndi yoposa ina yonse sinali yotero kwenikweni. Golide anadutsanso madola 850 mu Januwale 2008, patapita zaka 28, koma madola ake anali ataonda kale. Mu Seputembala 2011 anafika pafupifupi madola 1,900, pamene madola 850 akale aja anali ofanana ndi 2,480 a nthawi imeneyo. Mtengo wa 1980, tikauwerengera motere, unadzadutsidwa mu 2025, chaka chimene golide anapitirira madola 4,000 m'mwezi wa Okutobala.

Vuto loyamba lili pa tsiku limene timayambira kuwerengera. Madola 850 sanali mtengo wa chaka, ngakhale wa mwezi, koma wa tsiku limodzi. Chaka cha 1979 chinatha golide ali pa madola oposa 500 pang'ono, m'masabata atatu okha anathamanga kufika pa 850, tsiku lotsatira anagwa ndi madola oposa 100, ndipo pakati pa Malichi anali atatsika pansi pa 500. Anthu amene anaguladi kapena kugulitsa pa mtengo wapamwamba uja anali ochepa kwambiri. Kutenga tsiku limenelo ngati muyeso kuli ngati kunena kuti mtengo weniweni wa chimanga ndi uja wa sabata yoipitsitsa ya Febuluwale m'chaka cha njala.

Tikatenga avereji ya chaka chonse cha 1980, imene inali pafupifupi madola 615, ndi avereji ya CPI ya chakacho, imene inali 82.4, chithunzi chimasintha kwambiri. Pa madola a 2024, mtengowo umakhala pafupifupi 2,340, ndipo avereji ya golide mu 2024 inali itaposa kale pamenepo pang'ono. Ngakhale 2011 ndi 2012 zinatsala pang'ono kufikapo. Choncho munthu wina akhoza kunena kuti mtengo wa 1980 unali 3,448, wina n'kunena kuti unali 2,340, onse awiri osanama. Pamwamba pa zimenezi, CPI yeniyeniyo inasinthidwa kawerengedwe kake mu 1983 pa mbali ya mtengo wa nyumba, ndipo n'chifukwa chake ma gilafu a pa intaneti nthawi zina amasiyana ndi madola mazana angapo malinga ndi muyeso umene wojambulayo anasankha.

Chofunika kwambiri ndi kumvetsa chimene chinakankhira golide pamwamba chotero. Kuyambira mu 1934 mtengo wake unamangidwa ndi lamulo pa madola 35, kufikira pa 15 Ogasiti 1971 pamene Pulezidenti Richard Nixon analeka kusinthanitsa madola ndi golide, ndipo nzika za America zinaloledwanso kusunga golide kumapeto kwa 1974. Gawo lina la kukwera kwa m'zaka zimenezo linali chabe mtengo umene unapanikizidwa kwa zaka pafupifupi 40 ukumasuka, ndipo zimenezi sizingachitike kawiri. Kenako mu 1979 zinthu zinaunjikana: mitengo ya katundu ku America inakwera ndi 13 peresenti, ufumu wa ku Iran unagwa ndipo mafuta anadula, ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa America ku Tehran anagwidwa ukapolo mu Novembala, ndipo kumapeto kwa Disembala asilikali a Soviet Union analowa m'dziko la Afghanistan. Pa nthawi yomweyo abale a banja la Hunt a ku Texas ankagula siliva wochuluka mpaka mtengo wake unayandikira madola 50, zimene zinaonjezera phuma pa msika wonse wa zitsulo zamtengo wapatali.

Pansi pa zonsezi panali nkhani ya chiwongoladzanja. Golide sabala kanthu. Mtanda wake ukakhala m'sefa zaka khumi umatuluka uli womwewo, mwini wake atalipiranso kosungira. Pamene ndalama yobwereketsa boma inkabweza chiwongoladzanja chochepera kukwera kwa mitengo, wosunga madola ankaluza chaka chilichonse, ndipo kusabala kwa golide sikunali kanthu. Paul Volcker, amene anakhala mkulu wa banki yaikulu ya America mu Ogasiti 1979, anatembenuza zimenezi pokweza chiwongoladzanja mpaka kufika cha m'ma 20 peresenti. Pofika 1983 mitengo inkakwera ndi pafupifupi 3 peresenti yokha pamene ndalama yobwereketsa boma kwa zaka khumi inkabweza zoposa 10 peresenti, ndipo wosunga golide ankataya phindu lenileni la 7 peresenti kapena kuposerapo pa chaka. Pakati pa 1982 golide anali atatsika kale kufika pafupifupi madola 300.

Apa ndi pamene chiphunzitso chakuti golide amayendera limodzi ndi kukwera kwa mitengo chimakanika. Kuchokera mu Januwale 1980 kufika pakati pa 1999, mitengo ya katundu ku America inakwera kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, popeza CPI inachoka pa 77.8 kufika pafupifupi 167. Kuti wogula pa 850 asaluze, golide anayenera kukhala pa madola 1,820, koma anali pa 253, nthawi imene mabanki aakulu a mayiko komanso boma la Britain ankagulitsa golide wawo. Munthu ameneyo anali atataya pafupifupi 86 peresenti ya mphamvu ya ndalama zake, ndipo kuti abwerere pamene anayambira panafunika zaka 45, osawerengera chiwongoladzanja chonse chimene akanalandira kwina. Wogula mu 1976 pa madola oposa 100 pang'ono, kapena mu 1999, ali ndi nkhani yosiyana kotheratu, ngakhale chitsulo chake ndi chomwecho.

Mwa kuona kwanga, nsonga ya 1980 ikutiuza kutalika kumene mtengo ungafike pamene anthu ataya chikhulupiriro mwa dola ndipo kusunga ndalama kukuwadyera, komanso liwiro lake la kugwa zinthuzo zikasintha. Si denga limene golide sangadutse, monga 2025 yaonetsera, ndipo si malo amene amakokedwerako. Mukaona gilafu yotere, yang'anani ngati yatenga mtengo wa tsiku limodzi kapena avereji, ndi chaka chimene yayambira. Dziwaninso kuti masamu onsewa ndi a munthu amene amadya ndi kulipira lendi mu madola. Ngati ndalama zanu zili mu kwacha, muyenera kuyamba mwasintha mtengo wa golide kukhala makwacha pa mtengo wa dola wa nthawiyo, kenako n'kugwiritsa ntchito muyeso wa mitengo wa kuno kwathu, chifukwa pamene kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, golide anadula kwambiri mu makwacha usiku umodzi ngakhale ku London mtengo wake sunasunthe kwenikweni.