Jenereta mu kanjira ka kuseri kwa nyumba, ndi nkhani yothira petulo ikulira

"Anzanga ndithandizeni, ndagula jenereta ya petulo ya 2.5 kVA. Kuno ku Area 25 akuba achuluka ndiye ndikufuna ndiziyiyika mu kanjira ka pakati pa nyumba ndi fensi, kuseri kwa chipinda cha ana. Palibe vuto? Komanso petulo akamatha nkutheka kuthira osayizimitsa kuti filiji isathime?"

Achimwene zonse ziwirizo ayi, ndipo yoyambayo ndiye ikundiopsa kwambiri. Mu kanjiramo ndi malo oyipitsitsa pa puloti yonse, mwina kuposedwa ndi mkati mwa nyumba mokha basi.

Utsi wa jenereta tikamaunena ambiri amaganiza za wakuda uja umanunkha ukamayiliza mmawa, koma umene umapha siumenewo. Mu utsimo muli mpweya wina wotchedwa kaboni monokisaidi, sununkha, suoneka, sutsokomoletsa nkomwe, ndi womwe uja umapha anthu akagona ndi mbaula ya makala mnyumba nthawi ya Juni kukuzizira. Ukaupuma umakakakamira ku magazi mwamphamvu kuposa okisijeni maulendo oposa 200, ndiye magazi amangozungulira mthupi koma osanyamula mpweya wokwanira, ubongo ndi mtima nkuyamba kufooka. Ndipo kainjini ka jenereta kamatulutsa wambiri zedi chifukwa kalibe chija chimayeretsa utsi pa ekizozi ya magalimoto atsopanowa.

Tsopano taganizani za kanjira kanuko. Timipata timeneti nthawi zambiri timakhala mita imodzi kapena imodzi ndi theka, uku khoma la nyumba uku fensi ya njerwa, pamwamba malata atulukira, mphepo siidutsa bwino. Utsi ukatuluka ku ekizozi umagunda fensi nkubwerera, kumangounjikana momwemo, kenako umapeza polowera. Mudzati mawindo ndimatseka, koma mawindo a magalasi a luva aja satseka kwenikweni, ndiye pali timabowo ta mpweya tija pamwamba pa windo, palinso mpata wa pakati pa khoma ndi malata ngati nyumba ilibe siling'i. Ana ali mtulo samva kalikonse, munthu amangopitirira kugona osadzukanso. Ndipo ana ndi amayi oyembekezera ndi amene amayamba kugwidwa.

Chondidandaulitsa china nchakuti zizindikiro zake zimanamiza kuno kwathu. Mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kufooka mthupi, aliyense angoti ndi malungo nkumwa panado nkukagona mchipinda chomwecho. Njira yozindikirira ndi iyi, ngati anthu awiri atatu mnyumba imodzi ayamba kudandaula mutu nthawi imodzi jenereta ikulira, thupi osatentha, ndipo akatuluka panja akupezako bwino, musachedwe ndi za malungo. Tulutsani aliyense panja, zimitsani jenereta, tsegulani zitseko ndi mawindo onse. Amene akusanza, akuyankhula zosokonekera kapena akuvuta kudzutsa thamangani naye kuchipatala, inu muli kufupi ndi Kamuzu Central, ndipo mukafika nenani poyera kuti wapuma utsi wa jenereta chifukwa chimene akufunika mwachangu ndi okisijeni. Za kumwetsa mkaka zija sizichotsa mpweyawu mmagazi.

Mtunda umene akatswiri a zachitetezo amanena ndi mamita 6 kuchoka pa windo, chitseko kapena bowo lililonse la mpweya, ekizozi italoza kutali ndi nyumba. Mapazi akuluakulu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu amenewo. Ndikudziwa mapuloti athuwa ndi opanikizana, ndiye sankhani ngodya ya pabwalo yomwe ili kutali kwambiri ndi zipinda zogona, pomwe mphepo imawomba, ndipo muyang'anenso windo la aneba kapena la boyizikota, musapulumutse ana anu nkukathira utsi ana a eni ake. Pakhonde ayi, mu garaja ayi ngakhale chitseko chili chotsegula. Mbali zonse za jeneretayo musiye mpata wosachepera mita imodzi kuchoka ku khoma, chifukwa injini zimenezi zilibe madzi, zimazizira ndi mphepo basi, mukayikanikiza kukhoma imakokanso mpweya wake wotentha womwewo nkuyamba kutentha mopyola, ndipo fensi ikakhala ya udzu kapena ya bango ndiye moto suchedwa.

Za akubazo ndikukumvani. Pitani kwa owotcherera akupangireni kakhola ka zitsulo kotseguka mbali zonse zinayi, ka denga la lata pamwamba chifukwa cha mvula, muthire kasilabu, tcheni ndi loko. Osamanga kanyumba ka njerwa kotseka. Kenako gulani chingwe chachitali chokhuthala, cha waya wa 2.5, osati tija topyapyala ta pa msika timafewa tikatentha, ndipo muchitambasule chonse osachisiya chopindapinda. Mukamaliza usiku, yizimitseni, izizire, mutseke kampopi ka petulo kenako muyilowetse mu sitolo. Kugona ikulira ine sindimalimbikitsa.

Kuthira petulo ikulira kuja. Tayang'anani mmene anayipangira, thanki ili pamwamba, pansi pake penipeni pali injini ndi ekizozi. Ekizozi ya injini yomwe yalira maola angapo imatentha mokwanira kuyatsa petulo popanda machesi, ndipo ikamalira palinso timoto ta kupulagi ndi kumbali ya magetsi. Inu muli ndi chigubu cha malita 20 cholemera, mumdima, jenereta ikunjenjemera, kutayikira nkosapeweka. Chimene chimayaka ndi nthunzi ya petuloyo, ndipo ndi yolemera kuposa mpweya ndiye imayenda pansipansi, ikhoza kukafika pa mbaula yomwe mayi akuphikira chapatali moto nkubwerera kudzafika mmanja mwanu. Zimitsani, dikirani mphindi 15 mpaka 20, muyandikize dzanja ku ekizozi osayigwira, ngati ikuwawula dikiranibe. Thirani ndi fanelo kuchokera mu kachigubu kakang'ono ka malita 5, wunikirani ndi tochi osati kandulo, fodya kutali. Osadzaza mpaka kukamwa, lekezani pa kachizindikiro kofiira ka mu sefa ya thanki chifukwa petulo akatenthedwa amafufuma. Akatayikira pukutani, dikirani paume, chigubu chitsekeni nkuchisuntha musanakoke chingwe.

Komatu mukawerengera bwino simudzafunikanso kuthira pakati. Za saizi yanuyo zambiri thanki yake ndi ya malita 15 kapena kuchepera pang'ono, ndipo pa filiji, wayilesi ya kanema ndi mababu imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola. Magetsi akathima 5 koloko madzulo inu nkuzimitsa 10 koloko, apita malita 5 kapena 6 basi. Ndiye dzazani masana kukuwala injini ili yozizira, muonenso oyilo nthawi yomweyo. Filiji musayidere nkhawa, ikakhala yotseka imasunga kuzizira mpaka maola 4, mphindi 20 ndiwo sizingawonongeke, bola muwauze ana asamatsegule tsegule.

Zigubu za petulo musasunge kuchipinda kapena kukhitchini, ndipo mabotolo a madzi akumwa aja si osungira petulo, mwana akhoza kumwa. Pafupi ndi kakholako ikani ndowa ya mchenga wouma, kapena ngati thumba likulola gulani chozimitsira moto cha ufa chija, chifukwa moto wa petulo mukauthira madzi petuloyo amayandama pamwamba nkufalikira bwalo lonse akuyaka.