Chimene chimatikakamiza kupuma tikagwira mpweya

*Ndili mu Fomu 4 kuno ku Dedza ndipo ndikufuna kudzaphunzira unamwino. Pa mayeso oyeserera ndinalemba kuti munthu akagwira mpweya amakakamizika kupumanso chifukwa okosijeni watha m'magazi, koma aphunzitsi anati ndalakwa. Kodi ndinalakwa pati?*

Aphunzitsi anu sanakulakwireni, ngakhale kuti yankho lanulo ndi limene anthu ambiri angapereke. Thupi limayamba kudandaula ndi kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi pamene okosijeni akadalipo wokwanira, ndipo chifukwa chake chagona pa makemoriseputa, timaselo timene timakhala ngati tikulawa magazi ndi madzi a mu ubongo nthawi zonse.

Gulu loyamba la timaseloti lili mu medula obulongata, kumunsi kwa ubongo, ndipo ndi limene amalitcha lapakati. Timaselo ta gululi sitimva okosijeni, timamva asidi. Mukagwira mpweya, kaboni dayokisaidi amaunjikana m'magazi n'kudutsa mosavuta khoma limene limalekanitsa magazi ndi ubongo. Akafika m'madzi ozungulira ubongo, amasakanikirana nawo motere:

CO₂ + H₂O ⇌ H₂CO₃ ⇌ H⁺ + HCO₃⁻

H⁺ ameneyu, yemwe ndiye asidi uja, ndi amene amadzutsa timaseloti, ndipo medula imatumiza uthenga ku minofu ya m'nthiti ndi ku dayafulamu kuti munthu apume mozama komanso mofulumira. Pa mayeso musalumphe sitepe imeneyi, pakuti wolemba kuti timaseloti timamva kaboni dayokisaidi mwachindunji wasiya pakati penipeni pa nkhani. Mwa munthu wathanzi, mphamvu ya kaboni dayokisaidi m'magazi ochokera ku mtima imakhala pafupifupi 40 mmHg, ndipo ikangokwera ndi 1 mmHg yokha, mpweya wopumidwa pa mphindi umawonjezeka ndi malita awiri kapena atatu, pamene munthu wongokhala amapuma pafupifupi malita 6. Wogwira mpweya akafika cha m'ma 50 mmHg, kawirikawiri kupirira kumamukanika.

Gulu lachiwiri lili kunja kwa ubongo. Pali timatupi ta karotidi m'khosi, pamene mtsempha wopita kumutu umagawikana pawiri, ndi tina pa ayota, mtsempha waukulu wotuluka mu mtima. Ntchito ya timatupi timeneti inadziwika bwino kudzera mu kafukufuku wa Corneille Heymans wa ku Belgium, amene anapatsidwa mphoto ya Nobel ya chaka cha 1938. Timeneti ndiye timamva okosijeni, koma sitichita changu mpaka mphamvu yake itatsika kuchoka cha m'ma 95 kufika pansi pa 60 mmHg, chifukwa pa mlingo wa 60 himogulobini, amene amanyamula okosijeni m'magazi, amakhala akadali wodzaza pafupifupi 90 peresenti. Timamvanso kaboni dayokisaidi ndi asidi wa m'magazi, ndipo timayankha msanga kuposa tapakati, ngakhale kuti mbali yaikulu ya kusintha kwa kapumidwe chifukwa cha kaboni dayokisaidi imachokera ku medula.

Popeza mukufuna unamwino, taganizirani chinthu chimene mungadzakumane nacho m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Banja lalowetsa mbaula ya makala m'nyumba, latseka chitseko ndi mawindo, n'kugona. Makala oyaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa kaboni monokisaidi, amene alibe fungo ndipo amamatirira ku himogulobini mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Magazi amayamba kunyamula okosijeni wochepa kwambiri, koma timatupi ta karotidi timayeza mphamvu ya okosijeni wosungunuka m'madzi a magazi, osati amene wanyamulidwa ndi himogulobini, ndipo wosungunukayo sasintha kwenikweni. Kaboni dayokisaidi nayenso sanakwere, choncho medula ilibe chodandaula. Alonda onse awiri amakhala chete, ndipo n'chifukwa chake anthuwo sadzidzimuka ndi kubanika monga mmene zimachitikira munthu akatsekedwa mphuno.

Namwino amazindikira vutoli pofunsa bwino, osati pongowerenga kapumidwe. Anthu angapo a nyumba imodzi akabwera pamodzi ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, funso la mbaula liyenera kufunsidwa. Kachipangizo kopana pachala koyezera okosijeni kangathe kunamiza, chifukwa kawirikawiri sikasiyanitsa himogulobini wonyamula okosijeni ndi wonyamula kaboni monokisaidi, ndiye kamawonetsa nambala yooneka yabwino. Odwalawo amayenera kutulutsidwa m'nyumbamo, kutengeredwa kuchipatala mwachangu ndi kupatsidwa okosijeni wambiri ngakhale nambalayo ili yokwera.

Pokonzekera mayeso a MSCE, yesani kulemba yankho lanu ngati unyolo wopanda mfundo yosowa: kaboni dayokisaidi wakwera, walowa m'madzi a mu ubongo, asidi wachuluka, medula yatumiza uthenga, kupuma kwawonjezeka, ndipo kaboni dayokisaidi wabwerera ku 40 mmHg. Okosijeni mumutchule pokhapokha funso likamanena za kutsika kwakukulu, monga pa chibayo choopsa kapena pa mapiri aatali kwambiri kuposa phiri lathu la Dedza.