Yambani mwalemba ntchitoyo, za munthu zibwere pambuyo

"Ndinalemba chilengezo chakuti: 'Tikufuna mnyamata wamphamvu, wosapitirira zaka 30, woyang'anira katundu, wokonzeka kugwira ntchito ina iliyonse. Malipiro ndi abwino.' Makalata abwera ambiri koma woyenera sakuoneka. Ndikonze pati?"

Zikomo pondilembera. Chilengezochi chikufotokoza munthu amene muli naye m'maganizo, pomwe ntchito yeniyeniyo simunaitchule. Khalani pansi ndi amene akuigwira panopa, akuuzeni zimene amachita kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Mwina mupeza zinayi: kulandira katundu ndi kumuwerenga molingana ndi invoisi, kulemba zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse, kunyamula makatoni ofika makilogalamu 20, ndi kupereka lipoti mwezi ukatha. Lembani zimenezo, mutchulenso amene azikamuyang'anira. Mawu akuti "ntchito ina iliyonse" achotseni, chifukwa odziwa ntchito yawo amawaona ngati chenjezo lakuti adzasenzetsedwa za anthu atatu.

Kenako chofunika chilichonse muchifunse kuti: kodi chikuchokera pa ntchito iti mwa zinayizi? Apa ndi pamene tsankho limaonekera, ngakhale wolemba sanafune kusala wina. "Wamphamvu" akuchokera pa makatoni aja, choncho lembani kuti "wotha kunyamula makilogalamu 20 kangapo patsiku". Muyezo umenewu aliyense angadziyeze nawo yekha, mayi kapena bambo. Koma "mnyamata" ndi "zaka 30" sizikuchokera pa ntchito iliyonse. Zikungotsekera kunja mayi wa zaka 42 amene wasunga mabuku a katundu kwa zaka khumi osasowetsa kanthu, yemwe mwina ndiye mukumufunayo. Zimandipweteka kuti munthu wotere amawerenga mzere woyamba n'kusiya. Chimodzimodzinso kupempha chithunzi, kufunsa chipembedzo, mtundu, kapena ngati ali pabanja. Pangano nambala 111 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, la mu 1958, limaletsa kusala anthu pa ntchito chifukwa cha khungu, chipembedzo kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

Zofunikazo muzigawe pawiri. Zimene popanda izo munthu sangayambe ntchito, monga kuwerengetsa bwino ndi kulemba zomveka, zikhale pazokha. Zongowonjezera mwayi, monga kudziwa Excel, muzitchule kuti n'zowonjezera. Mukazisakaniza, anthu osamala amadzichotsa okha, ongoyesa mwayi n'kutsala.

"Malipiro ndi abwino" sakuuza munthu kanthu. Lembani ndalama yoyambira ndi yothera pamwezi, maola ogwira ntchito, ngati Loweruka amagwira, masiku atchuthi pachaka, malipiro a ovataimu, komanso ngati ntchitoyo ndi yokhazikika kapena ya kontirakiti ya miyezi ingati. Musalonjeze chimene sichidzapezeka m'kalata yolembera munthu ntchito.

Musanatulutse chilengezocho, patsani munthu wosadziwa kampani yanu achiwerenge, ndipo akuuzeni zimene azikachita Lolemba m'mawa, zimene azilandira, ndi tsiku lomaliza kutumiza kalata. Pamene wakakamira, pakonzeni pomwepo.